Ndalama Zaperewera Pang'ono, Koma Zigubu 2,000 Zapita Kuti?

Miyezi itatu iliyonse ikatha, woyang'anira malonda pakampani amaima pamaso pa bwana wake ndi masilaidi a PowerPoint. Bwanayo amafuna kudziwa zinthu zitatu: zomwe zagulitsidwa, chomwe chalepheretsa kufika pamlingo womwe anagwirizana, ndi zomwe iye ayenera kulamula. Ambiri amapunthwa pa chachiwiricho.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi cha kampani yogulitsa mafuta ophikira mopikulitsa. Inakonza zogulitsa zigubu 10,000 pa K20,000 chimodzi, kuti ipeze K200 miliyoni. Miyezi itatu itatha, yapeza K184 miliyoni. Silaidi yoyamba ikangoti ndalama zaperewera ndi 8 peresenti, bwana aona ngati ndi nkhani yaing'ono.

Koma kampaniyo yagulitsa zigubu 8,000 zokha, pamtengo wokwera wa K23,000. Zigubu 2,000 zomwe sizinagulitsidwe, pamtengo wakale uja, zataya K40 miliyoni. K3,000 yowonjezera pa chilichonse mwa zigubu 8,000 yabweza K24 miliyoni. Kuchotsera pamenepo ndi pomwe patsala K16 miliyoni. Choncho katundu wotuluka watsika ndi 20 peresenti, ndipo kukwera kwa mtengo ndi komwe kwabisa balalo.

Ku Malawi zotere sizachilendo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, moti wamalonda ankatha kuwerenga makwacha ochuluka kuposa chaka chapitacho pamene makasitomala akugula zochepa. N'chifukwa chake silaidi yabwino imaika ndalama ndi chiwerengero cha katundu pambalipambali.

Silaidi yotsatira ilondole zigubu 2,000 zija. Mawu akuti "msika unali wovuta" sathandiza aliyense. Kaundula wa kudepoti ndi mainvoisi ndi amene amaulula: mwina zigubu 1,200 zinatayika chifukwa depoti ya ku Mzuzu inakhala milungu itatu yopanda katundu, ndipo 800 zinapita ndi magolosale awiri omwe anakapikula kwa ena owalola kulipira pakatha masiku 30. Zifukwazo zikaphatikizidwa zikwane 2,000 ndendende. Zikapanda kukwana, ndiye kuti chilipo china chomwe sichinafufuzidwe, ndipo bwana watcheru afunsa pomwepo.

Barbara Minto, yemwe anagwira ntchito ku McKinsey, anatchuka pophunzitsa kuti yankho lizibwera poyamba, umboni pambuyo. Pa masilaidi, mutu uliwonse ukhale chiganizo chonena zomwe zapezeka. M'malo mwa "Malonda a Kumpoto", palembedwe kuti "Kusowa kwa katundu ku Mzuzu kwatayitsa zigubu 1,200".

Silaidi yomaliza ndi ya bwana mwini, ndipo ikhale ndi mafunso oyankhika ndi inde kapena ayi. Kodi depoti ya ku Mzuzu izisunga katundu wapadera wa milungu iwiri, ngakhale kuti ndalama zambiri zigona m'nyumba yosungira? Kodi magolosale awiri aja apatsidwe ngongole ya masiku 30? Pafunso lililonse palembedwe ndalama zofunika, dzina la wodzagwira ntchitoyo, ndi tsiku lomwe yankho likufunika galimoto yonyamula katundu isananyamuke.