Kuchotsera pa phindu n'kosiyana ndi kuchotsera pa msonkho

Eni makampani ambiri akamva kuti ndalama inayake "ichotsedwa pa msonkho" amaganiza kuti ngongole yawo ku bungwe lotolera misonkho la MRA itsika ndi ndalama yonseyo. Nthawi zina zimaterodi, koma kawirikawiri sizitero, pakuti kuchotsera kulipo kwa mitundu iwiri. Akatswiri owerengera chuma amatcha mtundu woyamba didakishoni ndipo wachiwiri kirediti.

Didakishoni imachotsedwa pa ndalama zimene munthu kapena kampani yapeza, msonkho usanawerengedwe. M'gulu limeneli muli zinthu monga malipiro a antchito, lendi ya sitolo ndi mafuta a galimoto ya kampani. Kirediti imadikira kuti msonkho uyambe wawerengedwa, kenaka n'kuchotsedwa pa msonkho weniweniwo.

Mwachitsanzo, tinene kuti kampani ina ku Limbe yagulitsa katundu wa K50 miliyoni m'chaka, ndipo yagwiritsa ntchito K30 miliyoni poyendetsa malondawo. Phindu lake ndi K20 miliyoni. Makampani ambiri olembetsedwa m'dziko muno amakhoma K30 pa K100 iliyonse ya phindu, choncho msonkho wa kampaniyi ndi K6 miliyoni.

Wowerengera ndalama wa kampaniyo wapeza malisiti a K1 miliyoni amene anaiwalika, a ndalama zokonzetsera denga la sitolo. Iyi ndi didakishoni. Phindu litsika kufika pa K19 miliyoni, ndipo msonkho wake ukhala K5.7 miliyoni. Kampani yapulumutsa K300,000 yokha. K700,000 yotsalayo inatuluka ndithu m'thumba la kampani ndipo palibe amene aibweze.

Tsono tisinthe nkhaniyo. M'malo mwa malisiti, wowerengera uja wapeza setifiketi yosonyeza kuti kasitomala wina, polipira katundu, anadula K1 miliyoni n'kuitumiza ku MRA m'dzina la kampaniyo, monga lamulo limalamulira pa malipiro ena. Iyi ndi kirediti. Phindu likhalabe K20 miliyoni ndipo msonkho ukhalabe K6 miliyoni, koma kampani ipereka K5 miliyoni yokha. Kuti didakishoni itsitse msonkho chimodzimodzi, ikanayenera kuposa K3.3 miliyoni.

Kunena zoona, kirediti ya mtundu umenewu si mphatso yochokera ku boma. Ndi ndalama ya kampani yomweyo imene inatsogola kale. N'chifukwa chake kuilemba pamalo olakwika kumapweteka: wolemba mabuku akaiika pamodzi ndi lendi ndi mafuta ngati ndalama yoyendetsera malonda, ndiye kuti wawerenga K300,000 pamene kampani inayenera kupeza K1 miliyoni. Cholakwachi chimadziwika poona pamene ndalamayo yalembedwa. Ikakhala pamwamba pa mzere wa phindu, yasochera. Ndipo popanda umboni wakuti kasitomala anadula ndi kutumizadi ndalamayo, kuiitanitsa kumavuta, motero setifiketi ndi yofunika kuilondola malipiro akangochitika.

Palinso chizolowezi chogula zinthu mothamanga chaka cha zachuma chikamatha, ati pofuna kuchepetsa msonkho. Masamu ali pamwambawa akukana nzeru imeneyi. Wogula chinthu chosafunika cha K1 miliyoni wataya K700,000 kuti apulumutse K300,000. Komanso si chilichonse chimaloledwa: ndalama zogulira zapakhomo pa mwini kampani sizichotsedwa, ndipo mtengo wa katundu wokhalitsa monga galimoto kawirikawiri umachotsedwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo.

Kusiyana kwina kumaonekera bwino pa anthu amene msonkho wawo umakwera malinga ndi kukula kwa malipiro. Mphamvu ya didakishoni imadalira mlingo umene munthu amakhomera, pamene ya kirediti ndi imodzi kwa onse. Amalawi ogwira ntchito ku South Africa amakumana nazo zimenezi. Kumeneko mlingo wotsika ndi 18 pa 100 iliyonse ndipo wapamwamba ndi 45. Didakishoni ya R1,000 imapulumutsa R180 kwa wolandira zochepa, koma R450 kwa wolandira zambiri. Poona kukondera kumeneku, mu 2012 dzikolo linasintha kachotseredwe ka ndalama zimene anthu amasonkha ku mabungwe owalipirira kuchipatala, n'kukasandutsa kirediti yofanana kwa onse.

Kirediti nayo ili ndi malire. Ya zachipatala ku South Africa imatsitsa msonkho mpaka kutha, koma yotsala sibwezedwa, choncho amene malipiro ake safika poyambira msonkho sapindula nayo. Ndalama yodulidwa ndi kasitomala ija ndi yosiyana, popeza ndi msonkho wolipiridwa kale: kampani ya ku Limbe ikanakhala ndi msonkho wa K600,000 yokha, ikanakhala ndi ufulu woitanitsa K400,000 yapamwambayo ku MRA.