Kusanja Mabuku m'Laibulale ya Sukulu: Phunziro Poyamba, Dzina la Mlembi Pambuyo

Sukulu zambiri zimene mudzatumizidweko mukatsiriza maphunziro anu zili ndi mabuku oŵerengeka, mwina 200 kapena 400, osungidwa m'kabati imodzi kapena pa mashelefu angapo m'chipinda cha aphunzitsi. Mabuku otere sasoŵa makonzedwe ovuta. Chofunika ndi chakuti buku lililonse likhale ndi malo ake amodzi, ndipo malowo alembedwe pa buku lenilenilo, kuti ngakhale mwana wa Sitandade 6 athe kulipeza ndi kulibwezera pamene analitenga. Malowo timaŵapeza poyankha mafunso aŵiri motsatana. Loyamba ndi lakuti, kodi bukuli likukamba za chiyani? Lachiŵiri ndi lakuti, kodi analilemba ndani?

Funso la phunziro limayamba chifukwa ndi mmene ana amafunira mabuku. Mwana amene wapatsidwa ntchito ya kufufuza za matenda a nkhuku sadziŵa dzina la mlembi aliyense; chimene adziŵa ndi nkhuku basi. Mabuku onse a ulimi akakhala pamodzi, iye adzaima pamalo amodzi nkuona zonse zimene sukulu ili nazo. Dzina la mlembi limabwera pambuyo kuti lilongosole mabuku a m'gulu limodzilo, popeza m'gulu la nthano mokha mungathe kukhala mabuku 80.

Magulu a maphunziro

Si bwino kuti mphunzitsi aliyense apeke magulu akeake, chifukwa iye akasamutsidwa, womloŵa m'malo adzayambanso ntchito yonse. Njira yodziŵika ndi imene Melvil Dewey wa ku America anasindikiza m'chaka cha 1876, ndipo malaibulale ambiri pa dziko lapansi amaitsata. Iye anagaŵa nzeru zonse m'magulu khumi, gulu lililonse ndi nambala yake. Mabuku a nkhani zosakaniza ali pa 000, a kaganizidwe ka munthu pa 100, a chipembedzo pa 200, a chikhalidwe cha anthu ndi boma pa 300, a zilankhulo pa 400, a masamu ndi sayansi pa 500, a ntchito monga ulimi ndi zaumoyo pa 600, a zaluso ndi maseŵera pa 700, a nthano, ndakatulo ndi zisudzo pa 800, ndipo a mbiri ndi jogalafe pa 900.

Gulu lililonse limagaŵikanso pakhumi. Mwachitsanzo, m'gulu la 500 masamu ali pa 510, ndipo m'gulu la 600 zaumoyo zili pa 610, ulimi pa 630. Pa sukulu yaing'ono, gaŵani gulu pokhapokha mabuku ake akachuluka. Ngati muli ndi mabuku asanu okha a chipembedzo, onse alembeni 200. Koma ngati pa 600 pali mabuku 40, patulani a ulimi ndi a zaumoyo. Malaibulale aakulu amaonjezera manambala ena pambuyo pa kadontho. Inu manambala atatu akukwanirani.

Musaŵeruze buku poona mutu wake wokha, pakuti mutu umanamiza. Buku la Willie Zingani lotchedwa Njala Bwana si la ulimi kapena la zakudya ai, ndi nkhani yopeka. Choncho tsegulani buku, muŵerenge tsamba la zamkatimu, mau oyamba, ndi ndime ziŵiri kapena zitatu za pakati. Buku likakhudza maphunziro aŵiri, liikeni ku phunziro limene latenga masamba ambiri.

Kapepala ka pamsana

Mukadziŵa gulu, dulani kapepala koyera, mulembepo nambala ya gulu pamwamba, ndi zilembo zitatu zoyamba za dzina la makolo la mlembi pamunsi pake, m'zilembo zazikulu. Dzina la makolo ndi lija limabwera kumapeto, monga Gwengwe m'dzina lakuti John Gwengwe. Litengeni pa tsamba la mutu m'kati mwa buku, osati pa chikuto, chifukwa pa chikuto nthaŵi zina pamaonekera kwambiri dzina la osindikiza. Matani kapepalako pamsana pa buku, masentimita atatu kuchokera pansi, pa mabuku onse mofanana, kuti diso liziyenda pa mzere umodzi. Kabuku kopyapyala kamene msana wake sukwana kulembapo, katikeni kapepala pa chikuto chakutsogolo, m'munsi pafupi ndi msana. Lembaninso nambala ndi zilembozo ndi pensulo m'kati mwa buku, kuti kapepala kakamatuka musadzaganizenso kaŵiri.

Chitsanzo cha mabuku asanu ndi atatu

Tiyerekeze kuti mwamasula katoni ndipo mwapezamo mabuku aŵa: Nthondo ndi Mbiri ya Achewa a Samuel Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe, ndiponso Kukula ndi Mwambo, a John Gwengwe, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, ndi Kokha Mcheperawakalulu la E. J. Chadza.

Mtima ungakuuzeni kuti mabuku aŵiri a Ntara akhale pamodzi, ndi aŵiri a Gwengwe chimodzimodzi. Koma funso la phunziro ndilo limayamba. Mbiri ya Achewa ndi buku la mbiri ya mu Afirika, choncho lipita pa 960, ndipo kapepala kake kakhala 960 NTA. Kukula ndi Mwambo cholinga chake ndi kuphunzitsa miyambo, ndipo miyambo ili pa 390. Kapepala kake nkakuti 390 GWE. Mabuku asanu ndi limodzi otsalawo ndi nkhani zolembedwa m'Chicheŵa, ndipo malo a zolemba za m'zilankhulo za mu Afirika ndi 896. Onani kuti pano chimene timayang'ana ndi chilankhulo cha buku, osati kwao kwa mlembi. Nkhani yolembedwa m'Chingerezi, ngakhale mlembi wake ali wa ku Malaŵi kapena ku Nigeria, ipita pa 820.

Tsopano tisanje asanu ndi limodzi aja motsata alifabeti. Chadza ayamba, chifukwa C ali patsogolo, kenaka Gwengwe. Ntaba ndi Ntara onse ali ndi kapepala kofanana, 896 NTA, choncho tiyang'ana chilembo chachinayi cha dzina: b amabwera r asanafike, ndiye kuti Mtima Sukhuta likhala kumanzere kwa Nthondo. Pomaliza pali mabuku aŵiri a Zingani. Gulu ndi limodzi, mlembi ndi mmodzi, tsono chotsala ndi mutu wa buku: Madzi Akatayika liyamba, Njala Bwana litsatira, popeza M ali patsogolo pa N. Pa shelefu, kuchokera kumanzere, zilembo zioneka motere: CHA, GWE, NTA, NTA, ZIN, ZIN.

Maina amene amavuta

Chovuta choyamba chimachokera m'kaphunzitsidwe kathu ka kuŵerenga. Ana timaŵaphunzitsa kuti ch, ph, th, mb ndi ng' ndi maliwu, ndipo nzoona. Koma pa shelefu sititsata liwu, timatsata chilembo chimodzichimodzi monga chalembedwera. Phiri ali pa P, Chadza pa C, Mbewe pa M. Kachizindikiro ka mu ng' sikaŵerengedwa, choncho Ng'oma timamuŵerenga ngati N, G, O. Chilembo cha ŵ chimakhala pamodzi ndi w.

Chachiŵiri ndi dzina lolembedwa mosiyanasiyana. Mlembi wa Nthondo dzina lake linasindikizidwa kuti Ntara pa mabuku ena ndi Nthara pa ena. Mukatsata chikuto chilichonse, mabuku a munthu mmodzi adzakhala pa NTA ndi pa NTH, ndipo alembi ena adzaloŵa pakati pao. Sankhani kalembedwe kamodzi, mukalembe m'kaundula wa laibulale, ndipo mukasunge. Ngugi wa Thiong'o, mlembi wa ku Kenya, malaibulale amamuika pa NGU, osati pa W kapena pa T. Zimenezi zimathandizanso kuti mabuku ake oyamba, amene anatuluka ndi dzina lakuti James Ngugi, akhale pamodzi ndi otsatira.

Chachitatu ndi maina ofala monga Banda, Phiri ndi Mwale. Alembi aŵiri a dzina limodzi akakumana m'gulu limodzi, chilembo choyamba cha dzina lao loyamba ndicho chiŵalekanitsa: Phiri, D. akhala patsogolo pa Phiri, J. Buku la alembi aŵiri kapena atatu limatenga dzina la amene walembedwa poyamba. Buku losonkhanitsa zolemba za anthu ambiri limatenga dzina la mkonzi. Buku lopanda mlembi wodziŵika limatenga zilembo zitatu za mau oyamba a mutu wake, ndipo ngati mutuwo ndi wa Chingerezi, timau takuti The, A ndi An timadumphidwa.

Kuika pa shelefu

Mabuku amayenda monga mmene timaŵerengera tsamba: kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndi kuchokera pa thabwa la pamwamba kutsikira pansi. Mutsirize kabati imodzi musanayambe ina. Pa thabwa lililonse siyani malo opanda kanthu okwana gawo limodzi mwa magawo anayi. Mphunzitsi wodzaza thabwa mpaka kumapeto, tsiku limene adzalandire buku latsopano la Chadza adzasuntha mabuku onse a m'kabati kuti alipezere malo, kapena adzangoliponya kumapeto, ndipo dongosolo lidzayamba kufa pomwepo. Kuthinana kumang'ambanso misana ya mabuku ana akamakoka.

Mitundu iŵiri ya mabuku isaloŵe m'mzerewu. Mabuku ophunzirira m'kalasi amene alipo 30 kapena 50 ofanana asungidwe kwina, ndipo pa shelefu pakhale limodzi kapena aŵiri okha. Madikishonale ndi mabuku a mapu, amene sabwerekedwa kupita nawo kunyumba, akhale pa thabwa laolao, atasanjidwa m'njira yomweyi.

Kudziŵa ngati dongosolo lili moyo

Buku loikidwa pa malo olakwika ndi chimodzimodzi buku lotayika, pakuti amene akulifuna adzayang'ana pa malo ake nkulisoŵa. Nchifukwa chake ana aang'ono asabwezere okha mabuku pa shelefu. Aziika m'katoni imodzi, ndipo ana aŵiri kapena atatu a m'makalasi a pamwamba, amene mwaŵaphunzitsa, ndiwo azibwezera. Kamodzi pa sabata, anawo ayendetse chala pa mapepala a pamsana, thabwa ndi thabwa, akuŵerenga nambala poyamba ndi zilembo pambuyo. Akaona 630 pakati pa mabuku a 510, kapena ZIN patsogolo pa GWE, akonze nthaŵi yomweyo.

Mayeso a ntchito yonseyi ndi apafupi. Lembani pa pepala nambala ndi zilembo za mabuku asanu, mupatse mwana amene sanathandize kusanja. Akabwera nawo onse asanu popanda kufunsa munthu, kusanja kwanu kuli bwino. Akasoŵa limodzi, pitani naye pa shelefu muone pamene anayang'ana. Mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu: buku linaikidwa molakwika, kapepala kanamatuka, kapena mwanayo sanaudziŵe bwino alifabeti. Ziŵiri zoyambazo mudzakonza pa shelefu pomwepo, chachitatucho mudzapita nacho m'kalasi.