Pulani Yolemba Yokongoletsera Kalasi

Pulani yokongoletsera kalasi ndi pepala limene mphunzitsi amalembapo zinthu zitatu: masiku a ntchito, zipangizo zofunika, ndi gulu la ana limene ligwire ntchito iliyonse. Limamatidwa pafupi ndi bolodi kuti aliyense aziliona. Chitsanzo chili m'munsimu ndi cha Sitandade 4 ya ana 80, kumayambiriro kwa teremu yoyamba, mvula isanagwe.

Ntchitoyi imayamba ndi kuyeza khoma. Ngati khoma lakumbuyo ndi lotalika mamita 7, ndipo tchati chilichonse pamodzi ndi mpata wake chikutenga masentimita 70, matchati 10 okha ndiwo angakwane. Nambala imeneyi ndiyo imalamula zonse zotsatira. Popanda kuyeza, ana amajambula zambiri, zina n'kuthera pakona pomwe chiswe chimazidya.

Masiku amagawidwa m'masabata atatu. Sabata yoyamba ndi yotolera zipangizo, kuchotsa akangaude ndi kutsuka makoma. Loweruka lake makolo amapaka laimu, chifukwa laimu amaotcha khungu ndi maso, choncho si ntchito ya ana. Sabata yachiwiri magulu amajambula, ndipo amayamba ndi pensulo kuti mphunzitsi akonze zolakwika maka isanadutsepo. Liwu lolembedwa molakwika likakwera pakhoma, ana amaliloweza chaka chonse. Sabata yachitatu ndi yopachika, ndipo Lachisanu lake limasiyidwa lopanda ntchito kuti otsalira amalize.

Mndandanda wa zipangizo umakhala ndi mbali ziwiri. Zogula ndi zochepa: laimu, mamaka, misomali ndi chingwe. Zotolera ndi makatoni, matumba a simenti, zitsekerero za mabotolo, makala ndi nsungwi, motsatira njira imene aphunzitsi a m'Malawi amaitcha TALULAR, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi. Chinthu chilichonse chimalembedwa ndi kuchuluka kwake komanso tsiku lofika nacho. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma limaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo dzinja likafika limachita nkhungu. N'chifukwa chake matchati amakhalitsa akapanidwa ndi nsungwi n'kupachikidwa pachingwe.

Ana 80 amapanga magulu asanu ndi atatu a ana khumi, lililonse ndi mtsogoleri wake. Gulu lina limajambula mapu a Malawi ndi maboma ake 28, lina matebulo ochulukitsa, lina limakonza kagolosale ka pakona kophunzirira kusintha ndalama. Kulemba kuti "anyamata abweretse makatoni" sikuthandiza, chifukwa aliyense amayesa kuti mnzake ndiye abweretsa. Pulani yabwino imati Gulu 3 libweretse makatoni 12 Lachitatu.

Mzere womaliza ndi wa chisamaliro. Umatchula gulu loyang'anira makoma sabata iliyonse ndi tsiku lochotsa matchati akale, lomwe nthawi zambiri limakhala sabata yotsekera sukulu.