Mimba yadzidzidzi pa mankhwala a TB

Mayi akumwa mapiritsi olera osaphonya tsiku, kenaka wayamba mankhwala a TB. Sipanapite nthawi, waima. Ophunzira zamankhwala akafufuza nkhani yotereyi, chala chimaloza rifampisini.

Zonse zimachitikira m'chiwindi. Mmenemo muli maenzaimu amene amaphwanya mankhwala kuti atuluke m'thupi, ndipo wotanganidwa kwambiri ndi CYP3A4. Rifampisini akalowa m'maselo achiwindi, amagwirana ndi puloteni yotchedwa PXR, imene imalamula maselowo kupanga CYP3A4 wochuluka. Enzaimu ikachuluka, mahomoni a m'mapiritsi olera amaphwanyidwa msanga, ndipo otsala m'magazi sakwanira kuletsa dzira kukhwima. N'chifukwa chake mayi wotereyu amalangizidwa jakisoni wa Depo kapena lupu.

Dolutegiravi, mankhwala otalikitsa moyo, nayenso amachepa, makamaka kudzera mu enzaimu ya UGT1A1. Wodwala TB amene amamwa mamiligalamu 50 kamodzi patsiku amawamwa kawiri.

Kupanga enzaimu yatsopano kumafuna nthawi. Mphamvu ya rifampisini imafika pachimake pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo imatsalira pafupifupi masabata awiri munthu atasiya kumwa. Choncho dolutegiravi wowonjezera uja sasiyidwa tsiku lomwelo.

Mankhwala ena, monga ritonavi ndi ketokonazo, amachita zosiyana: amatsekereza CYP3A4 amene alipo kale, ndipo zimenezi zimayamba tsiku loyamba lomwelo. Pamenepo mankhwala anzake amaunjikana m'magazi. Womwa simvastatini pamodzi ndi ritonavi angamve minofu ikuphwanya, mkodzo wake n'kuda bii.