Mmene kaloboti ka m'nyumba yosungiramo katundu kamasankhira njira

Kaloboti konyamula makatoni sikaona nyumba yosungiramo katundu monga timaionera ife. Pa mapu ake, pansi ponse ndi pogawidwa m'timabokosi ngati bolodi la drafuti: tina totseguka, tina totsekedwa ndi mashelefu. Podutsa mmenemo, maloboti ambiri amadalira njira yowerengera yotchedwa A*, imene Peter Hart, Nils Nilsson ndi Bertram Raphael anafalitsa mu 1968 pa ntchito ya loboti yotchedwa Shakey ku Stanford Research Institute, ku America.

Kabokosi kalikonse kamapatsidwa nambala: f = g + h. Apa g ndi masitepe amene loboti yayenda kale, pomwe h ndi kuyerekeza kwa masitepe otsala ngati panjira palibe chotchinga. Nthawi zonse kompyuta imayamba kufufuza kabokosi kamene f yake ndi yochepetsetsa.

Tinene kuti loboti ili pakona, m'mbali mwa khoma, ndipo katoni ili timabokosi 4 kutsogolo. Loboti imayenda chowongoka basi, siyenda chopingasa. Pa sitepe yachiwiri pali shelefu yotseka timabokosi 2 kuchokera kukhoma. Kabokosi ka kutsogolo kali ndi g = 1 ndi h = 3, ndiye kuti f = 4; ka kumbali kali ndi 1 + 5 = 6. Kompyuta imasankha ka 4, n'kupeza shelefu. Apa siikakamira. Imatha kaye timabokosi tonse ta 6, kenako imapita ku ta 8, ndipo kumeneko mpamene imapeza potulukira kumapeto kwa shelefu. Njira yonse ndi masitepe 8, kapena mamita 4 ngati kabokosi ndi theka la mita. Zonsezi zimachitika matayala asanagudubuzike n'komwe.

Pali lamulo limodzi losaphwanyika: h isapitirire mtunda weniweni wotsala. Ikapitirira, njira imapezekabe, koma palibenso chitsimikizo choti ndi yaifupi. Cholakwikachi chimalowa mwakachetechete munthu akalola loboti kuyenda chopingasa n'kuiwala kusintha h. Sitepe yopingasa ndi yotalika pafupifupi 1.4, koma kuwerenga kwakale kuja kumaiyesa 2. Poyesa, akatswiri amaika h = 0, zimene zimachedwetsa kompyuta koma zimapereka njira yaifupi ndithu; ikafupika kuposa ija, vuto lili pa h.

Vuto lina limaonekera pa utoto wokalika m'makona a mashelefu. Kwa A*, loboti ndi kadontho chabe, chonsecho ili ndi thupi. Choncho mapu asanagwiritsidwe ntchito, shelefu iliyonse amaikulitsa mbali zonse ndi theka la m'lifupi mwa loboti, n'kuwonjezerapo pang'ono. Akawonjezera kwambiri, mpata wabwinobwino umatsekeka pa mapu, loboti n'kuima pakhomo lotseguka ikunena kuti njira palibe.