Njanji inatha, koma okwera aja ali kuti?

Mu Novembala 2007 Mfumukazi Elizabeth inatsegulira siteshoni ya St Pancras mumzinda wa London. Apa ndiye panathera ntchito yomanga njanji yatsopano ya makilomita 109, yochoka ku London kukafika pakhomo pa njira yapansi pa nyanja yopita ku France. Sitima zinayamba kuthamanga makilomita 300 pa ola, ndipo ulendo wa ku Paris, umene kale unkatenga pafupifupi maola atatu, unatsika kufika pa maola awiri ndi mphindi 15. Amisiri anagwira ntchito yotamandika, ndipo anaimaliza pa nthawi yake. Atalandira malipiro awo anamwazikana, aliyense kukafuna ntchito kwina.

Koma boma la Britain silinalowetse ndalama zake pa ntchitoyi chifukwa chokonda zitsulo ndi simenti. Ntchito yaikulu iliyonse isanavomerezedwe, oifuna amalemba chikalata chopemphera ndalama. M'chikalatamo amanena kuti ntchitoyo idya ndalama zingati, ndipo ikatha anthu adzapindula chiyani, mochuluka bwanji, pofika liti. Ndi malonjezo amenewa amene amachititsa kuti nduna kapena akuluakulu a kampani asainire. Tsono pali mafunso awiri osiyana. Loyamba ndi lakuti, kodi chinthucho chamangidwa monga tinagwirizanirana? Limeneli limayankhidwa tsiku lotseka ntchito. Lachiwiri ndi lakuti, kodi phindu limene tinalonjezedwa labwera? Limeneli silingayankhidwe tsiku limenelo, pakuti phindu limayamba kuoneka omanga atapita kale. Zili ngati mjigo wa m'mudzi: tsiku loupereka aliyense amaona kuti madzi akutuluka, koma zakuti ana aleka kutsegula m'mimba zimadziwika patapita dzinja limodzi kapena awiri, ndipo zimadziwika pokhapokha wina atapita kuchipatala kukawerenga m'kaundula.

Lonjezo lalikulu la njanji ya ku London linali la okwera. Kampani ya London and Continental Railways, imene inapatsidwa ntchitoyi mu 1996, inanena kuti pofika 2004 sitima za Eurostar zizidzanyamula anthu oposa 21 miliyoni pa chaka. Ndalama za matikiti a anthu amenewa ndizo zinayenera kubweza ngongole yomangira. Chaka cha 2004 chitafika, okwera anali 7.3 miliyoni basi.

Chinalakwika n'chiyani? Owerengera aja anaganiza kuti sitima ikangobwera, anthu asiya ndege ndi zombo n'kukhamukira kunjanji, ngati kuti eni ndege ndi eni zombo adzangokhala manja lende. Sizinatero. Eni zombo zowolotsa anthu panyanja anatsitsa mitengo, ndipo nthawi yomweyo kunabuka makampani a ndege zotchipa amene anayamba kutengera anthu kumizinda ina yambirimbiri ya ku Ulaya. Munthu amene akadapita ku Paris kukapuma kumapeto kwa sabata anayamba kupita ku Spain kapena ku Italy pa mtengo wochepa. Vutoli linaonekera msanga, moti mu 1998 kampani ija inalephera kupeza ndalama, boma n'kulowererapo ndi kulonjeza kuti ngongole ya mapaundi 3.75 biliyoni ikadzakanika, lidzabweza ndilo. Kuyambira pamenepo, kuchepa kwa okwera kunasanduka katundu wa olipira msonkho.

Mu 2012 ofesi yofufuza mmene boma la Britain limagwiritsira ntchito ndalama, National Audit Office, inabwerera ku nkhaniyi. Mmene inachitira ndi phunziro kwa aliyense wofuna kulondoloza malonjezo. Inatenga chiwerengero cha okwera a zaka za 2007 mpaka 2011 n'kuchiyerekeza ndi malonjezo awiri, osati limodzi. Pa lonjezo loyambirira la kampani, lolembedwa mu 1995, okwera anali gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa chiwerengero chimene unduna wa zamtengatenga unakonzanso mu 1998, anali magawo awiri mwa atatu.

Ndikuona kuti mfundo imeneyi ndiyo imasokoneza anthu ambiri. Ntchito ikamatenga zaka, chikalata chija chimalembedwanso kangapo, ndipo nthawi zambiri lonjezo limanka litsika. Pamapeto pake wina akhoza kuimirira n'kunena kuti takwaniritsa zimene tinanena, ndipo sakunama, kungoti akunena za chikalata chomaliza, pamene ndalama zinavomerezedwa pa chikalata choyamba. Kusintha chiwerengero zinthu zikasintha si kulakwa ayi. Kulakwa n'kutaya chakale. Wofufuza wanzeru amafunsa kuti, pa tsiku limene munasainira, patebulo panali pepala liti? Pepala limenelo ndilo muyeso, ndipo ena onse otsatira aikidwe pambali pake, pamodzi ndi tsiku ndi chifukwa chimene anasinthira.

Kuchepa kwa okwera sikuthera pa matikiti. Phindu lina lalikulu la njanji yotere ndi nthawi imene anthu amapulumutsa, ndipo boma limaiwerengera ngati ndalama. Kawerengedwe kake, tikakafupikitsa, n'kosavuta: mphindi zopulumutsidwa pa ulendo umodzi, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha maulendo, kuchulukitsanso ndi mtengo umene boma limaika pa ola limodzi la munthu. Njanjiyi inachotsa mphindi pafupifupi 40 pa ulendo wa ku Paris. Okwera akakhala 9 miliyoni pa chaka, monga analili m'zaka zimene zinafufuzidwa, ndiye kuti apulumutsa maola 6 miliyoni. Akadakhala ochuluka katatu, monga mwa lonjezo loyamba, maolawo akadakhala 18 miliyoni. Mphindi 40 zija zinabweradi, amisiri sanalakwitse, koma phindu lonse linafota chifukwa nambala yochulukitsira inali yolakwika. Ofesi ija inapeza kuti nthawi yopulumutsidwa, pa zaka zonse kufika 2070, ingakwane mapaundi 7 biliyoni, pamene olipira msonkho adzataya mapaundi oposa 10 biliyoni. Kuti njanjiyi ioneke yopindulitsa, mpata umenewo uyenera kudzazidwa ndi mapindu ena, monga ntchito, nyumba ndi malonda m'madera amene yadutsa.

Apa ndiye povuta zedi. Sikokwanira kuonetsa kuti zinthu zili bwino lero kuposa kale. Muyenera kuonetsa kuti popanda ntchitoyo sizikadatero. Sitima za Eurostar zinayamba kuyenda mu 1994, pa njanji zakale zopita ku siteshoni ya Waterloo, ndipo zinkanyamula kale anthu mamiliyoni angapo njanji yatsopano isanatsegulidwe. Choncho munthu sangaloze okwera onse a lero n'kunena kuti awa ndi zipatso za njanji yatsopano. Zipatso zake ndi okhawo owonjezera amene sakadakwera, pamodzi ndi mphindi zimene akale aja akupulumutsa. Chimodzimodzi dera la King's Cross, loyandikana ndi St Pancras. Kale linali bwinja la mosungira katundu wa njanji, lero kuli maofesi, nyumba zogona ndi sukulu ya zaluso. Koma malo aakulu chotere, pakatikati pa London, kodi akadakhala osamangidwa mpaka kale? Mwina njanji inangofulumizitsa zimene zikadachitikabe. Mwinanso ena mwa makampani amene ali kumeneko anangosamuka kuchokera mbali ina ya mzinda womwewo, ndiye kuti dziko silinapeze ntchito zatsopano, zangosuntha malo. Kuti muyankhe mafunso otere, mufunika kukhala mutalemba mmene zinthu zinalili ntchito isanayambe: mitengo ya malo, chiwerengero cha ogwira ntchito, nthawi ya maulendo. Mufunikanso dera lina lofanana nalo limene njanji sinafike, kuti muziyerekeza. Zimenezi zikapanda kusonkhanitsidwa pachiyambi, pambuyo pake wofufuza amangotolera zidutswa ndi zokumbukira za anthu.

Chimene chimandipweteka mtima pa nkhaniyi n'chakuti pamene ofesi ija inkalemba lipoti lake mu 2012, patatha zaka zoposa zinayi njanji yonse ikugwira ntchito, unduna unali usanachite kafukufuku wakewake woona ngati mapindu aja anabwera. Lipoti loyamba la kafukufuku wotere linatuluka mu 2015. M'zaka zomwezo boma lomwelo linali kalikiliki kukonzekera njanji ina yothamanga, yodula kwambiri kuposa iyi, yolowera kumpoto kwa dzikolo, ndipo chikalata chake chopemphera ndalama chinatsamiranso pa chiwerengero cha okwera ndi nthawi yopulumutsidwa.

Kuchedwa kotere sikubwera chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi. Ntchito ikatsekedwa, gulu loiyendetsa limathetsedwa, bajeti yake imatsekedwa, ndipo amene analemba malonjezo amakhala atasamutsidwa kapena atapuma. Amene walandira chinthucho ali ndi zake zoti achite tsiku ndi tsiku, ndipo malonjezowo sanalembe ndi iye. Njanji iyi inafika pobwereketsedwa mu 2010, kwa zaka 30, ku mabungwe awiri a ku Canada osunga ndalama za penshoni, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 2 biliyoni. Iwo udindo wawo unali kusamala njanji ndi kutolera ndalama kwa eni sitima, osati kufufuza ngati ku Kent kwamangidwa nyumba. N'chifukwa chake ntchito isanatsekedwe, phindu lililonse limayenera kupatsidwa mwini wake: udindo wodziwika m'bungwe limene likhalepobe, wodziwa chimene adzayeze, kumene adzatenge nambala, tsiku lodzayeza, ndi amene adzam'patse lipoti. Ndalama zoyezera nazo zipatulidwe nthawi yomweyo, bajeti isanatsekedwe. Kunena zoona, a misewu ku England anaphunzira zimenezi kale. Msewu waukulu ukatsegulidwa, amabwerako patatha chaka chimodzi, n'kubweranso patatha zaka zisanu, kudzawerenga galimoto, nthawi ya ulendo ndi ngozi, n'kuyerekeza ndi zimene zinalonjezedwa.

Kubwerako kawiri kuli ndi chifukwa. Phindu lina limachedwa, lina limabwera n'kuchokanso. Mu 2009 sitima zam'dziko momwemo zinayamba kuyenda pa njanji yatsopanoyi, ndipo ulendo wochoka ku Ashford kupita ku London unatsika kufika pa mphindi zosakwana 40, pamene kale unkapitirira ola. Amene akadayeza mu 2008 sakadaliona phindu limeneli. Koma siteshoni ya Stratford International, imene inamangidwa ndi cholinga choti sitima zopita kunja ziziimapo, sinalandirepo Eurostar ndi imodzi yomwe. Ku Ashford ndi ku Ebbsfleet sitima za ku Paris zinkaima, ndipo anthu a ku Kent ankakwera pafupi ndi kwawo. Mu 2020, mliri wa Covid utavuta, Eurostar inaleka kuimako, ndipo mliriwo utatha sinabwerere msanga monga anthu ankayembekezera. Anthu a kumeneko anayamba kulowera kaye ku London, kuti akakwere sitima imene ikadutsenso pakhomo pawo osaima.