Mutu 7: Kuchokera ku Mbeya Kupita ku Dar es Salaam pa Sitima, pa Basi Kapena pa Ndege

Wamalonda wa ku Karonga kapena ku Mzuzu amene akukaoda katundu ku Kariakoo, akadindidwa pasipoti pa Songwe ndi pa Kasumulu, amakwera kabasi mpaka ku Mbeya. Apo m'pamene amasankha njira. Kuti akafike ku Dar es Salaam pamakhala patatsala makilomita oposa 800, ndipo angathe kuwadula pa njanji ya TAZARA, pa basi, kapena pa ndege.

Ambiri amayamba n'kufunsa mtengo wa tikiti. Funso loyenera kuyamba nalo ndi la katundu, chifukwa popita munthu amangokhala ndi kachikwama ndi ndalama, koma pobwera amakhala ndi mitolo.

Titenge mayi amene waoda zitenje ndi nsapato zolemera makilogalamu 70. Pa ndege, tikiti wamba nthawi zambiri imalola chikwama cha makilogalamu pafupifupi 23, ndipo chilichonse choposa apo chimayezedwa n'kulipiridwa payokha. Mayiyu atsala ndi makilogalamu 47 oti alipire pamwamba pa tikiti imene kale ndi yokwera mtengo kangapo kuposa ya basi. Phindu la zitenje lathera pa sikelo. Pa basi mitolo imalowa m'buti, ndipo mtengo amaunena olongedza pongouyang'ana mtolo, kotero mpata wonenerera ulipo. Choipa chake n'chakuti basi imatsitsa anthu ku Morogoro, ku Iringa ndi ku Makambako, ndipo buti likatsegulidwa mwini katundu amakhala ali pampando, mwina ali m'tulo. Mtolo wopanda dzina ndi lisiti ukasowa, palibe pogwira. Pa sitima katundu wochuluka amayezedwa pasiteshoni, amalembedwa, n'kuikidwa m'bogi yakeyake. Kwa munthu wa mitolo yolemera, sitima ndiyo imamuchitira chifundo.

Koma chifundocho amachilipira ndi nthawi. Njanji ya TAZARA, yomwe anaimanga ndi thandizo la dziko la China n'kuimaliza mu 1975, ndi ya mzere umodzi pa mtunda wonse wa makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Sitima ziwiri zimapatukirana pa masiteshoni pokha, choncho injini imodzi ikafa, zonse za patsogolo ndi za pambuyo zimaima. Chigawo cha pakati pa Makambako ndi Mlimba ndi cha mapiri, milatho ndi ngalande zoboola phiri, ndipo m'nyengo ya dzinja nthaka imagumukira pa njanji. Papepala ulendo wa Mbeya ndi Dar es Salaam umatenga pafupifupi usana ndi usiku; kuchedwa ndi theka la tsiku si zachilendo. Komanso sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Ukaiphonya, kapena ikapanda kubwera, ndalama zomwe unapulumutsa pa tikiti zimathera ku nyumba yogona alendo ndi pa mbale za mpunga.

Basi ndiyo yosasowa. Zimanyamuka zambiri tsiku lililonse, ndipo ulendo umatenga maola 14 kapena 16, kutengera mathiraki. Msewu womwewo ndi umene mumadutsa mathanki a mafuta opita ku Malawi, ku Zambia ndi ku Congo, ndiye thiraki imodzi ikagona pa chikweza cha Kitonga, mzere umatalika mpaka kutopa nako kudikira. Ku nkhalango ya Mikumi madalaivala amalamulidwa kuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha nyama. Ndipo basi sifika ku Kariakoo: imathera pa depoti ya Magufuli ku Mbezi, kunja kwa mzinda, moti wofika usiku awerengeretu ndalama ya takisi.

Ndege imakhala m'mwamba pafupifupi ola limodzi ndi theka. Tikawonjezera ulendo wa ku bwalo, lomwe lili makilomita oposa 20 kunja kwa Mbeya cha ku msewu wa Tunduma, ndi nthawi yodikira, ndi m'mawa umodzi wathunthu. Bwaloli limatchedwa Songwe, koma silili pa malire athu aja. Lili kutsidya lina la Mbeya. Ndege zake ndi zochepa, kotero imodzi ikalephereka yotsatira ingakhale ya mawa. Owerenga akumbukirenso kuti wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi.

Ndege ndi ya wothamangira odwala, kapena woopa kuchezera panjira ali ndi ndalama za oda m'chiuno. Sitima ndi ya munthu wa katundu wolemera yemwe palibe akumudikira ndi tsiku. Mayi wathu wa makilogalamu 70, yemwe wasiya okala yotseka ku Karonga, akwere basi popita ndi pobwera, alembe dzina lake pa mtolo uliwonse, ndipo asachoke pa buti asanalandire lisiti.